Chinsinsi cha m'Chipinda cha Uphungu ndi Pamene Chimalekezera

Munthu aliyense amene alowa m'kachipinda ka uphungu, kaya ndi pa chipatala chachikulu cha Gulupu, kaya pa chipatala cha boma ku Ndirande, ku Limbe, ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, asanayambe n'komwe kufotokoza chimene chamudzetsa, amayenera kumva mawu awiri kuchokera kwa mlangizi: oyamba akuti zonse zimene zikambidwe m'menemo zitsalira momwemo, ndi achiwiri akuti zilipo zinthu zowerengeka zimene mlangiziyo, angakhale atafunitsitsa bwanji, sangathe kuzisunga yekha. Mawu oyambawo alangizi onse amawanena, pakuti ndi okoma kuwanena ndi okoma kuwamva. Koma achiwiriwo ambiri amangowadumpha, kapena kuwanena mothamanga, poopa kuti mlendoyo angachite mantha nabwerera pakhomo. Komatu nkhanga zidapangana kusanache. Munthu amene wauzidwa malire asanatsegule pakamwa ali ndi ufulu wosankha chonena ndi chosunga, pamene amene wadziwa malirewo ataulula kale zakukhosi amatuluka ali wowawidwa mtima, namauza anzake ku msika ndi pa siteji ya minibasi kuti anthu a uphungu ndi achinyengo.

Kusunga chinsinsi si mwambo wachilendo pakati pathu. Ankhoswe adali kumva za m'nyumba za anthu zimene ngakhale mfumu ya mudzi sidali kuzidziwa, ndipo namkungwi sadali kulalika pa bwalo zimene adaona kutsimba. Koma ankhoswe omwewo, akaona kuti m'banjamo mufa munthu, sadali kukhala chete, adali kunyamula nkhaniyo kupita nayo kwa eni mbumba. Malamulo a dziko lino adalemba pa pepala zonse ziwirizi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko, amene adakhazikitsidwa mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi zinsinsi zake, ndipo gawo 19 limati ulemu wa munthu suyenera kuponderezedwa. Kuti mawu amenewa ali ndi mano zidaoneka pa nkhani ya ku Mwanza, kumene mu 2009 apolisi adagwira amayi khumi ndi mmodzi, napita nawo ku chipatala cha boma kukawayeza magazi iwo asadavomere, ndipo zotsatira zake zidawerengedwa poyera m'bwalo la majisitireti, anthu onse akumva. Amayiwo adakasuma, ndipo mu 2015 Bwalo Lalikulu la ku Blantyre, pamaso pa woweruza Dorothy Kamanga, lidagamula kuti zimene zidawachitikirazo zidaphwanya ufulu wawo wa chinsinsi ndi ulemu wawo. Ngati boma lenileni, ndi apolisi ake ndi madotolo ake, lidapezeka lolakwa pa kuulula za m'thupi mwa munthu, kuli bwanji mlangizi amene angouza mnansi wake pa mpanda, kapena kutumiza chithunzi cha kaundula wa odwala pa lamya?

Choncho maziko ake ndi awa, kuti chinsinsi ndi cha mwini wake, mlangizi ndi wosunga chabe. Bwana wa ku kampani ku Makata kapena ku Ginnery Corner, ngakhale ali amene amalipira ndalama za chipatala, alibe gawo pa zimene wantchito wake adanena. Apongozi, abusa, mwini nyumba ya lendi, onsewa alibe gawo. Ngakhale mwamuna amene wabwera ndi mkazi wake nayembekezera pa benchi ya panja sangalamule kuti auzidwe zimene mkaziyo wakamba m'kati. Chimene chimatsegula khomo mwa masiku onse ndi chilolezo cha mwini nkhani, ndipo chilolezocho chimayenera kunena bwino kuti auzidwe ndani ndipo auzidwe chiyani, makamaka chikhale cholembedwa. Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachizindikira, ndipo nkoyenera kuti achidziwe: pa chipatala mlangizi sagwira ntchito yekha, kotero kuti namwino, dotolo ndi wopereka mankhwala amene akusamalira wodwala yemweyo amaona zolembedwa zake, ndiponso mlangizi amatha kukambirana nkhani yovuta ndi mkulu woyang'anira ntchito yake, dzina ataliphimba. Onsewo ndi omangidwa ndi pangano lomwelo, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti ndani amene aone fayilo yake.

Tsono tifike pa malire amene amavutitsa mitima kuposa ena onse mu mzinda uno wa Blantyre, ndiwo a kachilombo ka HIV pakati pa anthu ogonera mphasa imodzi. Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 40, woyendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Bangwe, amene wabwera yekha kudzayezetsa chifukwa cha chifuwa chosatha, ndipo magazi ake aonetsa kuti ali nako kachilombo. Mkazi wake ali ndi pakati, kusikelo adayezedwa miyezi itatu yapitayo napezeka alibe. Bamboyo atamva zotsatira akuti: "Adokotala, zimenezi zithere mommuno. Mayi a kunyumba akangomva, banja latha, ndipo kwa apongozi ku Chiradzulu sindingapondekonso." Apa mlangizi ali pakati pa anthu atatu, wina ali pamaso pake akulira, wina ali kunyumba sakudziwa kanthu, ndi wina sanabadwe, ndipo ngoziyo si yongoganizira, pakuti mayi amene watenga kachilombo ali woyembekezera kapena akuyamwitsa amakhala nako kochuluka m'magazi m'masabata oyambirira, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene mwana amatengera msanga.

Lamulo la kapewedwe ndi kasamalidwe ka HIV ndi Edzi, limene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu Novembala 2017 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2018, lidaganizira nkhani yotereyi. Aphungu, atamva madandaulo a amayi amene ali ndi kachilomboka, adachotsa m'lamulomo ndime zimene zidafuna kuyeza magulu ena a anthu mokakamiza ndi kusandutsa kupatsirana kachilombo kukhala mlandu wapadera. Adasiya ufulu wa chinsinsi uli wolimba, koma adasiyanso kakhomo kopapatiza kamene wogwira ntchito za umoyo angadzerepo pouza mkazi, mwamuna kapena bwenzi logonana nalo la wodwalayo. Kakhomo kameneka sikatseguka tsiku loyamba. Mlangizi ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mnzakeyo alidi pa ngozi. Ayenera kukhala atamulangiza wodwalayo kuti akaulule yekha. Wodwalayo ayenera kukhala atakana kapena atalephera kutero. Ndipo, chimene chili chachikulu pa zonse, wodwalayo ayenera kuuzidwiratu kuti mlangizi akufuna kukadziwitsa mnzakeyo. Kupita kumbali, mwini wake osadziwa, ndi kuphwanya lamulo, ngakhale cholinga chitakhala choyera chotani. Ndiponso lamulo pano likupereka chilolezo, silikukakamiza mlangizi kuti nthawi zonse akaulule. Likumusiyira kuti ayeze ndi nzeru zake ngati kuululako kupulumutse kapena kuononge.

M'chipinda muja, tsono, mlangizi wodziwa ntchito sayamba ndi kuopseza bambo uja ndi lamulo. Tsiku limenelo ntchito yake ndi kumuthandiza kuti alandire uthengawo ndi kuyamba mankhwala otalikitsa moyo, amene masiku ano amayambidwa tsiku lomwelo kapena m'masiku ochepa, ndi kumupempha kuti pakadali pano agwiritse ntchito kondomu kapena ayambe wadziletsa. Amamufotokozera choonadi chimene chimachotsa mantha ambiri, chakuti munthu womwa mankhwala mokhulupirika, kachilombo kakachepa m'magazi mpaka osaonekanso poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Koma amamuuzanso kuti kufika pamenepo kumatenga miyezi, mwina isanu ndi umodzi, ndipo mimba siyembekeza munthu. Kenaka amamuyalira njira zimene a Unduna wa Zaumoyo adaziika. Bamboyo angathe kutenga kakalata koitanira mkazi wake ku chipatala nakamuuza yekha; angathe kubwera naye kuti amuuze pamaso pa mlangizi, amene adzathandiza kuziziritsa mitima; angathe kulola kuti a chipatala amuitane mayiyo ndi kumuuza kuti ndi bwino ayezetsenso, osatchula dzina la amene wapereka uthengawo; kapena angathe kupangana ndi mlangizi kuti ampatse sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo zikatha iye asadanene, a chipatala aitane okha. Njira zimenezi sizidangochokera m'mutu mwa munthu. Kafukufuku wa ku zipatala za ku Lilongwe, amene adasindikizidwa mu 2011, adaonetsa kuti pamene wodwala adangosiyidwa kuti akanene yekha, abwenzi 24 pa 100 alionse ndiwo adabwera kudzayezetsa, koma pamene a chipatala adathandizapo adabwera 51 pa 100 alionse. Ambiri amene amati sangaulule sakana kuti mnzawo adziwe. Chimene amaopa ndi kuyamba mawuwo ndi pakamwa pawo.

Bambo uja akabwera kachiwiri ndi kachitatu kudzatenga mankhwala ali chikanire, kondomu akuikana, mkazi wake ali pafupi kuchira, pamenepo mlangizi, atakambirana ndi mkulu wake wa pa ntchito ndi kulemba m'fayilo masiku onse amene adamulangiza ndi mayankho ake, amamuyang'ana m'maso namuuza kuti: "Bambo, ndakupemphani kangapo, ndipo ndikumvetsa mantha anu, koma mayi ndi mwana ali pa ngozi, ndipo pofika tsiku lakuti ife tidzawaitana. Ndikadakonda kuti inu mukhalepo." Kawirikawiri mawu amenewa ndiwo amamasula munthu, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ngakhale zitafika poti a chipatala anene okha, amanena zokhazo zimene mayiyo akufunika kudziwa kuti adziteteze, ndizo kuti ayezetsenso ndi kulandira chithandizo. Za chibwenzi cha ku Kachere chimene bamboyo adaulula akulira, za ngongole zake, za mowa wake, zimenezo zimatsala m'chipinda muja.

Nkhani yomweyi ikatembenuka, nakhala mayi amene wapezeka nako kusikelo, mwamuna wake ali munthu waukali, muyeso umasintha kwambiri, ndipo apa ndi pamene alangizi achangu chopanda nzeru amaononga. Popeza amayi ndiwo amayezedwa kawirikawiri, ndiwonso amayamba kudziwa, ndipo m'makomo ambiri woyamba kudziwa amayesedwa wobweretsa matenda. Nchifukwa chake mlangizi, asanakambe n'komwe za kuitana mwamuna, amayenera kufunsa mayiyo ngati mwamunayo adamumenyapo, kumuopseza, kumuthamangitsa pakhomo kapena kumukakamiza kugonana. Ndipo yankho likakhala lakuti inde, kudziwitsako kumayamba kwaima, mpaka chitetezo cha mayiyo chitakonzedwa. Mwa kuona kwanga, mlangizi amene apulumutsa mwamuna ku kachilombo napereka mkazi ku chibakera ndi chikwanje sadasunge lamulo, ngakhale atatsata ndondomeko yonse ya pa pepala.

Malire achiwiri ndi a mwana, ndipo pamenepa mlangizi alibe mpata wosankha. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limalamula dotolo, wachibale, wolera ana, ngakhalenso munthu wamba wa m'mudzi, kuti akakhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa, kumenyedwa kovulaza, kugwiriridwa kapena kutayidwa, adziwitse apolisi kapena wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Ndipo chiyambire kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017, mwana ndi aliyense amene sadakwanitse zaka 18. Udindo umenewu sugwera a chipatala okha. Mphunzitsi wolangiza ana pa sukulu ya sekondale, mayi wa mvano, mkulu wa mpingo, shehe, onse ukuwakhudza, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sikuti mlangizi ayambe wapeza umboni wokwanira kumangitsa munthu. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi, iye yake ndi kunena chimene wamva ndi chimene waona.

Chovuta chake n'chakuti mwana amene wafika poulula nkhani yotere amayamba ndi kupempha lumbiro. Mtsikana wa folomu 1 adzati: "Madamu, ndikuuzeni, koma mulonjeze kuti simuuza munthu." Mlangizi wanzeru salonjeza chimene sangasunge, amayankha kuti adzasunga zonse, kupatula ngati wina akumupweteka, pakuti pamenepo adzafunika kuitana anthu ena oti amuteteze, ndipo kuti sadzachita kanthu osamuuza iye. Mtsikanayo akanena kuti amalume ake amene amamulipirira fizi amalowa m'chipinda chake usiku, nthawi imayamba kuwerengedwa pomwepo, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo oletsa mimba yangozi nawonso amafuna changu chomwecho. Pa chipatala cha Gulupu pali malo otchedwa Chikwanekwane, pamene a chipatala, apolisi, a chisamaliro cha anthu ndi alangizi amagwirira ntchito pamodzi, kuti mwana asayendetsedwe maofesi ambiri akubwereza nkhani yochititsa manyazi. Pa polisi iliyonse yaikulu palinso ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo nambala ya 116, imene a YONECO amayendetsa, imaimbidwa mwaulere. Abale adzabwera ndithu, nadzapempha kuti nkhaniyo akaikambe pachibale, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo amalumewo ndiwo amagula ufa pakhomopo. Koma mlangizi amene avomera pempho limenelo wabweza mwana m'nyumba momwe muli womuzunza, ndiponso iye mwini wasiya udindo umene lamulo lidamusenzetsa. Pokadziwitsapo, auze okhawo amene lamulo latchula. Aphunzitsi anzake a m'chipinda chopumira ndi makolo a ana ena alibe nazo ntchito.

Tisasokoneze zimenezi ndi nkhani zina za achinyamata. Lamulo la 2018 lija limalola mwana wa zaka 13 kapena kuposerapo kuyezetsa magazi popanda chilolezo cha makolo, ndipo wachinyamata amene wabwera kudzafunsa za thupi lake, za mantha a mayeso kapena za kusamvana ndi bambo ake, ali ndi chinsinsi chake chimene kholo silingangochilanda. Chimene chimaswa chinsinsi cha mwana ndi ngozi imene ili pa mwanayo. Chidwi cha akuluakulu sichikwanira.

Malire achitatu ndi a moyo umene uli pafupi kutayika. Munthu akanena kuti watopa nawo moyo, mlangizi sathamangira lamya. Amakhala pansi namufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha, ngati wakonza njira, ngati chipangizocho ali nacho kale, ngati waika tsiku, ndi ngati adayesapo kale. Kufunsa kotero sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, monga ambiri amaopera, kumamupatsa mpumulo. Maganizo ongobwera ndi kupita amasamalidwa m'chipinda momwemo. Koma munthu amene wagula kale mankhwala a makoswe, walemba kalata, nagawa katundu wake, sayenera kutuluka yekha. Pamenepo mlangizi amamuuza kuti aitana munthu mmodzi, namupempha kuti amusankhe yekha, kaya mlongo wake kaya mnzake wa kumpingo, woti achotse chipangizocho ndi kumuperekeza kwa madotolo a matenda a maganizo ku Gulupu, amene akaona kuti nkofunika amatumiza ku chipatala cha ku Zomba. Gawo 229 la malamulo a milandu, limene tidalandira kwa atsamunda, lidaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo mantha a lamulo limenelo atseka pakamwa anthu ambiri. Nchifukwa chake mlangizi woganiza bwino, pa nkhani yotere, amayang'ana ku chipatala ndi kwa abale, osati ku chitokosi.

Koma ngati moyo umene uli pa ngozi ndi wa munthu wina, apolisi sangapewedwe. Dziko lonse lidaphunzira zimenezi pa nkhani ya ku California, kumene mu 1969 mnyamata wina wa pa yunivesite adauza womulangiza kuti adzapha mtsikana wotchedwa Tatiana Tarasoff, ndipo mtsikanayo, amene sadachenjezedwe, adaphedwadi. Mu 1976 bwalo lalikulu la kumeneko lidagamula kuti mlangizi ali ndi udindo woteteza munthu amene waopsezedwa. Chigamulo chimenecho sichimanga mabwalo athu, koma nzeru yake alangizi a kuno amaphunzitsidwa. Mawu a mkwiyo, onga akuti "ameneyo adzandiona," amamveka tsiku ndi tsiku ndipo si chifukwa choululira. Chimene chimayezedwa ndi ngati pali munthu wotchulidwa dzina, njira yokonzedwa, chida chimene chilipo, ndi nthawi yoyandikira. Mlandu umene udachitika kalekale, umene munthu akuulula chifukwa chikumbumtima chikumuvutitsa ndipo palibe amene ali pa ngozi lero, uli m'gulu lina, ndipo mlangizi asafulumire kudzisandutsa wapolisi.

Za mabwalo a milandu tinene mwachidule. Zimene munthu auza loya wake zili ndi chitetezo chapadera chimene zokamba za kwa mlangizi zilibe, kotero kuti woweruza akalamula kuti mlangizi adzapereke umboni kapena abweretse zolembedwa, ayenera kumvera, ngakhale angathe kupempha bwalo kuti anene zokhazo zokhudza mlanduwo, kapena kuti anthu ayambe atuluka. Koma lamulo la bwalo ndi pepala losainidwa ndi kudindidwa. Wapolisi wongofika pa khomo la ofesi ndi mawu apakamwa, kapena loya wa mbali inayo woimba lamya, si bwalo, ndipo mlangizi ali ndi ufulu wowabweza mwaulemu kuti akatenge chikalata. Pa chifukwa chomwechi alangizi ozindikira amalemba zochepa ndi zoona zokhazokha m'mafayilo awo, podziwa kuti tsiku lina zingadzawerengedwe pamaso pa woweruza.

Amene chinsinsi chake chaululidwa kunja kwa malire amenewa ali ndi kopita. Alembe msanga tsiku, dzina la amene adaulula, amene adauzidwa ndi mawu amene adanenedwa, ndipo ngati zidayenda pa lamya asunge uthengawo osaufufuta. Pa zipatala za boma pali ofesi yolandira madandaulo a odwala, imene ndi poyambira. Ngati woululayo ndi dotolo kapena namwino, makhonsolo amene amalemba ndi kulanga anthu a ntchito zimenezi angathe kumuitana ngakhale kumulanda chiphaso. Bungwe Loona za Ufulu wa Anthu ndi ofesi ya Ombudsman zili ndi nthambi mu Blantyre momwe muno. Ndipo wofuna chipukuta misozi angathe kukasuma ku Bwalo Lalikulu ku Chichiri monga adachitira amayi a ku Mwanza, mothandizidwa ndi maloya a boma othandiza osauka ngati alibe ndalama. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 lidaonjezapo kuti zolembedwa za umoyo wa munthu, kaya zili m'kabati kaya m'kompyuta, zili m'gulu la mbiri zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo madandaulo a mtundu umenewo amalandiridwa ndi bungwe la MACRA.